Akonzi andifufutira "mwina" yense m'nkhani ya namondwe Ana, wolakwa ndani?

Nachanza_paWailesi
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru mtima usanandiphulike. Ndimagwira ntchito pa wailesi ina ya m'dera. Tikukonza pulogalamu yokonzekeretsa anthu mvula isanayambe, ndiye anandipatsa kafukufuku uja a World Weather Attribution, gulu la asayansi ofufuza za nyengo, anatulutsa mu 2022 pa namondwe Ana kuti ndimufupikitse akwane masekondi 40. Ine ndinalemba kuti: "Ofufuza akuti mwina kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula imene inagwa ndi namondwe Ana, ngakhale zikuoneka kuti n'kutheka kuti pali zifukwa zinanso."

Akonzi athu anangotenga cholembera chofiira, kwaa, mzere wonse, n'kulemba pamwamba pake kuti: "Kafukufuku watsimikiza kuti kusintha kwa nyengo ndiko kunabweretsa namondwe Ana." Akuti munthu amene ali kudimba, wailesi ili pamzere, alibe nthawi ya mwina. Akuti ukati mwina, womvera amangoti mtsikanayu sakudziwa chimene akunena. Ine mumtima ndikuona kuti tikunamizira anthu a kafukufukuwo zimene sananene. Tijambula Lachisanu. Ndiumirire kapena ndingowerenga zimene andilembera?

KabazaWaNdirande
Achemwali, akuti, mwina, zikuoneka, n'kutheka, zonsezo mu mzere umodzi? Ngakhale ine ndikanasintha siteshoni.

MkonziWopuma
Ine ndakhala pa mpando wa akonzi anuwo zaka zambiri, ndiye ndikuwamvetsa. Nkhani ya pa wailesi munthu amaimva kamodzi, sangabwerere m'mbuyo ngati nyuzipepala. Mukamuunjikira mawu okayikira, chimene amatsala nacho m'mutu n'chakuti palibe chodziwika. Ndipo kunena zoona, ophunzirawa amakonda kudzitchinjiriza. Mwina wawo ambiri ndi woopa anzawo a ku yunivesite, si wa ife. Kufupikitsa ndi kudula, mwana wanga. Ukafuna kusunga chilichonse, ingowerenga lipoti lonse.

WoyezaMvula_Wakale
A Nachanza, musakhumudwe, koma ine ndikuona kuti nonse awiri mwaphonya, aliyense mbali yake.

Tiyambe ndi akonzi. Kafukufuku ameneyo sanafunse n'komwe ngati kusintha kwa nyengo kunabweretsa namondweyo. Anamondwe a m'nyanja ya India akhala akubwera makolo athu asanabadwe. Funso la ofufuzawo linali laling'ono kuposa pamenepo: kodi mvula yochuluka ngati imene inagwa ndi Ana mu Januwale 2022 kuno ndi ku Mozambique, ndiponso ndi Batsirai mu Febuluwale ku Madagascar, ikugwa yambiri ndiponso kawirikawiri kuposa mmene zikanakhalira dziko likanapanda kutentha? Ndiye mzere wa akonziwo wayankha funso limene silinafunsidwe.

Koma inunso mwaika mwina wanu pamalo olakwika. Pa nkhani yoti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvulayo, ofufuzawo sanazengereze, ananena poyera kuti inde. Pamene anaimirira n'kunena kuti apa sitingathe ndi pa kuchuluka kwake, kuti inawonjezereka ndi mlingo wotani. Chifukwa anachinenanso. Kuti uyerekeze mvula ya lero ndi ya kale umafunika malo oyezera mvula amene akhala akulemba tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri osadumphadumpha. M'dera lokhudzidwa ku Mozambique munali malo 23, koma anayi okha ndi amene anali ndi zolemba zokwanira bwino kuyambira 1981. Kuno kwathu ndi ku Madagascar sanapeze malo a zolemba zoyenera ntchitoyo. Ndiye kukayika kulipo ndithu, koma kuli ndi malo ake. Inu mwakunyamula pamene anakusiya n'kukakutula pakhomo pa mfundo imene eni ake anali nayo chikhulupiriro.

Nachanza_paWailesi
Eee, bambo, mwandigwira pakhosi. Ine ndimaona ngati kuwaza mwina paliponse ndiye kusamala.

WoyezaMvula_Wakale
Ayi mayi, mwina si mchere woti muwaze mundiwo zonse. Ali ngati chikwangwani cha pamsewu chonena kuti mlatho ndi wofooka. Chimayenera kuima pa mlatho womwewo. Mukachizula n'kukachizika pa msewu wabwino, mwanamiza anthu kawiri, pa msewu ndi pa mlatho pomwe.

Mbiya_Zamakala
Ine zoti kusintha kwa nyengo sindimazimva. Vuto ndi mitengo imene tatha ndi makala. Taonani mapiri a Blantyre mmene ayerera. Madzi akagwa angaime pati? Azungu asatinamize.

KabazaWaNdirande
Dzina lanu lomwe ndi la makala, akulu, mukudzinenera nokha mlandu.

Mbiya_Zamakala
Ndimagulitsa mbaula, sindiotcha makala ine.

WoyezaMvula_Wakale
A Mbiya, funso la mayiwa silinali limenelo, komabe simunapite kutali kwambiri. Mvula yogwa kuchokera kumwamba ndi nkhani ina, chimene madziwo amachita akafika pansi ndi nkhani inanso. Kafukufuku uja anayeza mvula. Kuti nyumba zingati zigwe zimadaliranso mitengo, mitsinje yodzaza mchenga, ndi pamene anthu anamanga. N'chifukwa chake wofupikitsa asalembe kuti kusintha kwa nyengo ndiko kunagumula damu la ku Kapichira n'kutisiya mumdima, ngati kuti ofufuzawo anayeza zimenezo.

MphunzitsiWaChichewa
Ndiloleni ndilowe ndi mbali ya chiyankhulo, chifukwa vuto lina lili pomwepo. M'malipoti a Chingerezi muli timawu titatu timene timaoneka ngati tofanana, "may", "likely" ndi "suggests", ndipo ife tonse titatu timatiponyera m'dengu limodzi la mwina. Koma ntchito zake n'zosiyana. Koyambako kamangonena kuti chinthu n'chotheka, osanena kuti n'chotheka motani. Kachiwiri kamanena kuti sikelo yapendekera mbali imodzi. Kachitatu sikanena za chinthucho, kamanena za umboni, kuti ukuloza uko koma sunafike pogamula mlandu.

Chichewa chili nazo zida zake zonsezi, kungoti timachita ulesi. Pa koyamba tili ndi -nga-. A MkonziWopuma akuti nthawi ndi yochepa, koma tawerengani maphatikizo: i-ma-ya-mbi-tsa, asanu. I-nga-ya-mbi-tse, asanu omwewo. Kusunga kukayika kumeneko sikudya ngakhale theka la sekondi. Amene amasintha "ingayambitse" kukhala "imayambitsa" sanapulumutse nthawi, wangosintha nkhani.

Pa kachitatu mpamene ndimaona anthu akugwa kwambiri. Amalemba kuti "kafukufuku wasonyeza kuti". Kusonyeza m'Chichewa ndi mawu amphamvu, ndi kuloza chinthu chimene aliyense akuchiona ndi maso. Ine ndimakonda "zotsatira zikuloza kuti" kapena "malinga ndi zimene apeza pakali pano, zikuoneka kuti". Ndipo chonde, "mwachidziwikire" si mawu okayikira. Ndawamvapo akuikidwa pamene lipoti linangoti sikelo yapendekera. Mwachidziwikire ndiye kuti ngakhale mwana akudziwa.

MkonziWopuma
Pa -nga- ndagonja, aphunzitsi. Koma "malinga ndi zimene apeza pakali pano, zikuoneka kuti" ndi mawu asanu ndi atatu. Pa mutu wa nkhani sangakwane.

MphunzitsiWaChichewa
Pa mutu ayi. Koma mutu ukhoza kunena chinthu chaching'ono chimene chili chotsimikizika m'malo monena chachikulu chokayikitsa. Ndipo -nga- nayenso ali ndi msampha wake, ndisakunamizeni. "Mankhwalawa angachize chifuwa" wina amamva kuti n'zotheka chabe, wina amamva kuti ali ndi mphamvu yochiza, basi kagule. Pa nkhani za mankhwala ine ndimawonjezera mawu ena pambuyo pake, monga "koma sizinatsimikizike".

Nachanza_paWailesi
Nanga "akuti"? Ine ndimamuika ngati chishango.

MphunzitsiWaChichewa
Akuti yekhayekha amanunkha mphekesera za pachitsime. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Mukati "akuti mvula ichuluka" palibe mwini mawu. Mukati "a nthambi yoona zanyengo akuti", mwini wapezeka, koma simunanenebe ngati iwowo akutsimikiza kapena akuyerekeza. Akuti amanena gwero la nkhani, sanena kulimba kwake.

Wamasamu_Zomba
Pa kachiwiri kaja ndiwonjezereko, chifukwa m'malipoti a nyengo kamawuko si kongolankhulira, ndi nambala yovala malaya. A IPCC, gulu la United Nations lounika kafukufuku wa kusintha kwa nyengo, anagwirizana tanthauzo la mawu aliwonse. Akalemba "likely" akutanthauza kuyambira 66 peresenti kupita m'mwamba. "Very likely" ndi kuyambira 90. "Extremely likely" ndi kuyambira 95.

Tsono taonani chiganizo chimodzi mmene chayendera, chonena kuti anthu ndi amene akutenthetsa dziko. Mu lipoti la 2001 anagwiritsa ntchito mawu a 66 aja. Mu 2007 anakwera n'kufika pa a 90. Mu 2013 pa a 95. Mu 2021 anasiya zoyerekeza, anangoti palibenso chokayikitsa. Zaka 20 za ntchito ya anthu masauzande zili m'timawu timeneto. Mtolankhani amene mu 2001 analemba kuti "asayansi atsimikiza" analibenso chatsopano choti alembe mu 2021. Ndipo amene mpaka lero akulemba kuti "mwina anthu ndi amene akutenthetsa dziko" watsalira zaka zoposa 20 m'mbuyo.

KabazaWaNdirande
66 peresenti ndiye chiyani kwa agogo anga ku Thyolo?

Wamasamu_Zomba
Auzeni kuti m'thumba muli nyemba zitatu, ziwiri zofiira, imodzi yoyera, apise dzanja osayang'ana. Adzakuuzani okha kuti yofiira ndiye yoyembekezeka, koma sangalumbire. Pa 90 peresenti, nyemba khumi, yoyera imodzi yokha. Agogo amazidziwa bwino zimenezi kuposa ife, ndi mmene amasankhira tsiku lodzala.

Ndipo vuto si la agogo okha. Ofufuza ena anayesa anthu a m'mayiko 24, kuwapatsa ziganizo za IPCC zomasuliridwa m'ziyankhulo zawo n'kuwafunsa kuti mawuwa akutanthauza maperesenti angati. Ambiri ankakokera pakati. Mawu a 90 aja ankawamva ngati otsika kwambiri kuposa pamenepo. Ataika nambala pambali pa mawuwo, anthu anayandikira tanthauzo lenileni. Ndiye mukapeza mpata, nenani mawu ndi nambala yomwe, kapena nyembazo.

MwanaWaKuMakhanga
Ine ndakhala ndikuwerenga chete koma ndalephera kupirira. Inu mukukambirana mwina muli pa mipando m'tauni. Kwathu mwina amapha. Usiku wa Ana ine ndinali komweko. Bambo anga aang'ono anamva pa wailesi kuti madzi akhoza kusefukira, iwo n'kunena kuti akhoza ndiye kuti akhozanso osasefukira, mbuzi zanga sindizisiya. Tinawatsitsa mumtengo kutacha, atakumbatira nthambi, miyendo itachita dzanzi, mbuzi zonse zitapita. Ndiye ine ndili mbali ya akonzi. Uzani anthu mwamphamvu. Bola awope n'kusamuka pachabe kusiyana n'kuti tikawatole kunsi kwa Ruo.

NamwinoKuLeeds
Pepani kwambiri achimwene. Mwayi kuti anapulumuka.

WoyezaMvula_Wakale
Pepani mwana wanga, ndipo mawu anu sindikuwapeputsa. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Chenjezo lili ndi mbali ya zimene zichitike ndi mbali ya zimene muchite. Yoyambayo palibe munthu pansi pano angainene mosakayika. Yachiwiriyo isakhale ndi mwina ngakhale mmodzi. "Madzi akhoza kufika m'mudzi mwanu usiku uno. Samukirani kumtunda dzuwa lisanalowe, musadikire kuwaona." Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo lamulo lili pomwepo lolimba.

Mukachotsa akhoza n'kunena kuti madzi afika ndithu, ulendo woyamba anthu asamuka. Madzi akapanda kufika, n'kupeza nkhuku zabedwa, ulendo wachiwiri theka litsala. Wachitatu mudzalankhula nokha. Ndinaziona ndili pa ntchito, mlimi akundilozera chala pamsika kuti inu a zanyengo ndinu abodza, pamene cholembedwa chathu chinali ndi mawu oyerekeza, anachotsa ndi amene anachiwerenga pa wailesi.

MwanaWaKuMakhanga
Zomveka bambo, koma bambo anga aang'onowo chiganizo chachiwiricho sakanachimva. Khutu lawo linaima pa akhoza.

MkonziWopuma
Ndiye mutembenuze. Yambani ndi lamulo, akhoza abwere pambuyo. Chimene chili koyamba ndi chimene chimakhala.

MwanaWaKuMakhanga
Kapena. Sindikudziwa. Ine ndikanakonda akhoza asamveke n'komwe pa tsiku ngati limenelo.

Wamasamu_Zomba
Apa sitigwirizana lero, ndipo mwina sitiyenera kukakamizana. Kungoti nkhani ya a Nachanza si chenjezo la usiku uno. Ndi kafukufuku wa zimene zinachitika kale. Palibe amene akwere mumtengo chifukwa choti iwo anena zoona zake za lipotilo.

NamwinoKuLeeds
Ndibweretseko chitsanzo cha kuntchito kwathu, chifukwa matendawa si a nkhani za nyengo zokha. Mu Okutobala 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inatulutsa zotsatira pa nyama. Nyama yokonzedwa ngati soseji ndi poloni anaiika m'gulu loyamba, la zinthu zimene umboni ndi wokwanira kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo. Nyama yofiira wamba, ya ng'ombe, mbuzi, nkhumba, anaiika m'gulu lotsatira, la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa koma umboni wa pa anthu ndi woperewera. Magulu awiri, mawu awiri osiyana. Koma uthenga umene unafika pa foni ya mayi anga ku Kasungu unali woti nyama imapha ngati fodya. Anakana ndiwo za pa ukwati wa mdzukulu wawo.

Za fodyazo zinachokera poti fodya alinso m'gulu loyamba lomwelo. Koma gululo limanena kulimba kwa umboni, silinena kukula kwa ngozi. Ngozi ya sosejiyo anainena padera: kudya magalamu 50 tsiku lililonse kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'matumbo ndi 18 peresenti.

KabazaWaNdirande
18 pa anthu 100 alionse odya soseji? Ndasiya lero.

Wamasamu_Zomba
Ayi achimwene, mwachita zomwe zija. Ndi 18 peresenti ya chiopsezo chimene munali nacho kale. Tingoyerekeza, kuti masamu aphweke, kuti pa anthu 100 osadya soseji, asanu adzadwala khansa imeneyi pa moyo wawo wonse. Kuwonjezera 18 peresenti ya asanuwo kukutifikitsa pafupifupi pa asanu ndi mmodzi. Munthu mmodzi woonjezera pa 100, ndipo ndi odya tsiku ndi tsiku. Inu soseji mumaiona kangati pa mwezi?

KabazaWaNdirande
Pa Khirisimasi, ikakhala kuti bizinesi yayenda.

NamwinoKuLeeds
Ndiye idyani mwamtendere. Koma mwaona mmene zimayendera. Pa soseji wofupikitsa sayenera kuika mwina, chifukwa eni ake sanaike. Pa nyama ya mbuzi ayenera kumusunga. Mukaziphatikiza n'kunena kuti "nyama ingayambitse khansa" mwafewetsa yoyamba. Mukati "nyama imayambitsa khansa" mwaumitsa yachiwiri. Palibe chiganizo chimodzi chimene chinganyamule zonse ziwiri bwinobwino, pamafunika ziwiri.

MkonziWopuma
Nthawi zonse mlandu umagwera atolankhani. Koma ambiri a ife lipoti lenilenilo sitiliona n'komwe. Timalandira kachikalata ka tsamba limodzi kochokera ku ofesi yofalitsa nkhani ya bungwe kapena yunivesite, mwina atachotsedwa kale komweko.

Wamasamu_Zomba
Apa mwalasa, ndipo zinayezedwapo. Mu 2014 magazini ya zachipatala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa ofufuza a ku Cardiff amene anatenga zikalata zoterezi 462 za mayunivesite 20 a ku Britain n'kuziyerekeza ndi malipoti ake enieni. Pa zikalata zonena za kafukufuku amene anangopeza kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, pafupifupi chimodzi mwa zitatu chinalemba ngati kuti china chimayambitsa chinzake. Ndipo chikalata chikakokomeza chonchi, nkhani za m'nyuzi zoposa 80 peresenti zinkakokomezanso. Chikapanda kukokomeza, zosakwana 20 peresenti. Ndiye madzi amadetsedwa kumtunda, atolankhani amangotunga. Komabe wotunga ali ndi maso.

Nachanza_paWailesi
Ndiye m'manja mwanga ndichite chiyani kwenikweni? Lipoti lili apa, cholembera chili apa.

WoyezaMvula_Wakale
Mmene ndinkachitira ine ndi anyamata anga ndi umu. Musayambe ndi kulemba. Tengani ndime ya zotsatira zikuluzikulu, osati kachikalata ka atolankhani, muzungulize ndi pensulo mawu aliwonse okayikira. Kenako pa lililonse jambulani kamuvi kuloza mfundo imene likugwira. Mupeza kuti mfundo zina zilibe kamuvi, zina zili ndi kamodzi, zina tiwiri. Mukatero sankhani mfundo ziwiri kapena zitatu zimene zikwane m'masekondi anu. Lamulo ndi limodzi: mfundo ikalowa, ilowe ndi kamuvi kake. Ikakhala kuti ndi kamuviko sikukwana, isiyeni yonse kunja. Kufupikitsa ndi kuchepetsa mfundo, osati kuzivula.

Pamene lipoti launjika mawu okayikira awiri kapena atatu pa mfundo imodzi, ngati mmene munachitira inu muja, sungani limodzi lokha, lofanana mphamvu ndi onsewo. Apa a MkonziWopuma akunena zoona.

Mukamaliza, werengerani munthu amene lipotilo sanalione, kaya mlonda wa pageti, mumufunse mafunso awiri: ofufuzawa akutsimikiza chiyani, nanga sakutsimikiza chiyani? Akayankha mosemphana ndi lipoti, bwererani.

Chinanso, musapitirire malire. Ndikudziwa kuti mtima ufuna kuwonjezera kuti anamondwe achuluka chifukwa cha kusintha kwa nyengo, makamaka titaona Freddy mu Malichi 2023. Koma a IPCC mu 2021 sananene kuti chiwerengero cha anamondwe onse padziko chikukwera. Chimene ananena, ndi mawu a 66 peresenti aja, n'chakuti pa anamondwe amene amabadwa, gawo la amphamvu kwambiri lakula m'zaka pafupifupi 40 zapitazi. Za mvula yake ndiye maziko ndi olimba, chifukwa mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi choonjezera pafupifupi 7 peresenti.

Mbiya_Zamakala
Freddy uja anakhala masiku angati kodi? Ankangopita n'kubwerera ngati wangongole.

Wamasamu_Zomba
Masiku 36. A bungwe la zanyengo padziko lonse, WMO, anatsimikiza mu 2024 kuti pa anamondwe onse olembedwa palibe anakhalitsa chotero. Pamenepo palibe mwina, anachita kuwerenga.

AnaphiriAkuDedza
Ine funso langa ndi la ulosi wa mvula ya chaka umene amalengeza mvula isanayambe. Amati mvula ikhala yapakatikati mpaka yocheperapo. Alangizi athu akafika m'mudzi amangoti chaka chino kuli chilala, dzalani mbewu zocha msanga. Ndiye bodza limenelo?

WoyezaMvula_Wakale
Ulosi umenewo, mayi, umagawa mwayi patatu: mvula yambiri, yapakati, yochepa. Kawirikawiri manambala ake amakhala oyandikana, monga 25, 40 ndi 35. Ndiye ngakhale akuti yapakati mpaka yochepa, mwayi wa mvula yambiri ukadalipo, umodzi mwa inayi. Komanso amanena za mvula yonse ya miyezi itatu kudera lalikulu, sanena za munda wanu kapena ng'amba ya milungu iwiri mu Januwale. Langizo la mbewu zocha msanga likhoza kukhala labwino. Mawu oti kuli chilala ndi a alangiziwo, si a ulosi.

AnaphiriAkuDedza
Koma akanena manambala atatuwo pansi pa mtengo paja anthu angabalalike, aziti boma silikudziwa.

MphunzitsiWaChichewa
Alimi omwewo amati "mitambo iyi ndi yonamiza" ndiponso "kukhala ngati igwa". Kuyerekeza amakudziwa. Ndife a mapepala amene timaganiza kuti sangakumve.

Nachanza_paWailesi
Ndabwerera. Ndachita za pensulo zija usiku, timivi tonse tinaloza pa kuchuluka, osati pa mfundo yoyamba, ndendende mmene ananenera bambo WoyezaMvula. Ndalemba chonchi:

"Ofufuza a World Weather Attribution anapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula imene inagwa ndi namondwe Ana mu 2022. Sananene kuti ndiko kunabweretsa namondweyo. Sanathenso kunena kuti mvulayo inawonjezereka ndi mlingo wotani, chifukwa kuno kwathu kunalibe malo oyezera mvula okhala ndi zolemba zokwanira za zaka zambiri."

Ndawerengera amayi ogulitsa mandasi pageti. Ndawafunsa chotsimikizika, akuti mvula inakula chifukwa dziko latentha. Chosatsimikizika, akuti sadziwa kuti inakula bwanji poti mabuku a mvula ndi ong'ambika. Ndaseka, koma apeza.

KabazaWaNdirande
Mwina wasowa yense koma nkhani yamveka. Ufiti.

MkonziWopuma
Chiganizo chapakaticho ine ndikanachotsa. Simuuza womvera zimene lipoti silinanene, mungathe tsiku lonse.

WoyezaMvula_Wakale
Nthawi zambiri ndikanavomereza. Koma pano ndi chimene anthu ambiri akuganiza kale, kuphatikizapo akonzi awo. Ine ndikanachisiya.

Nachanza_paWailesi
Akonzi avomera ziganizo zoyamba ndi zomaliza, chapakati achotsa, akuti chikumveka ngati ndikuwayankha iwowo pa mphepo. Sindinalimbane nazo. Nkhondo yatsala pa mawu otsegulira pulogalamu, iwo akufunabe "Kusintha kwa nyengo kwatibweretsera anamondwe". Ine ndapereka "Dziko likamatentha, mvula ya anamondwe ikukula". Akuti aganiza, andiuza mawa m'mawa tisanalowe mu situdiyo.

MwanaWaKuMakhanga
Mukamaliza zimenezo mutiuze tsiku ndi nthawi ya pulogalamuyo. Ndiwaimbira bambo aang'ono atchere, anagula mbuzi zina ziwiri ndipo khola amanga pamalo pomwe paja.